Ntchito ya mijigo 30 ku Chikwawa: zolemba za sabata yosiyirana udindo

Lolemba

Achemwali, sabata ino ndi yanga yomaliza pa ntchitoyi, ndiye zolemba za masiku asanuwa ndikulembera inu mwachindunji. Zakumbuyo zonse zili m'kaundula wachikuto chobiriwira, mjigo uliwonse ndi tsamba lake, kuyambira nambala 1 mpaka 30.

Tinagwirizana ndi othandiza ndalama kuti tikonza mijigo yakale 24 ndi kukumba yatsopano 6, yonse ya pampu yamanja ya Afridev. Lipoti la mwezi watha likunena kuti 28 yatha. Nambala imeneyo musayikhulupirire kwambiri, chifukwa inawerenga mjigo uliwonse umene ukutulutsa madzi. Imene yapambana mayeso ndi 23 basi. Mijigo 9, 14, 21, 22 ndi 27 madzi ikutulutsa koma ili ndi vuto, ndipo 29 ndi 30, ya tsidya la kum'mawa kwa Shire, sitinaiyambe n'komwe.

Mayeso amene ndikunena ndi awiri, ndipo muziwachita nokha musanasayinire pepala lililonse lovomereza kuti mjigo watha. Safuna makina, chidebe cha malita 20 ndi wotchi ya pafoni basi. Oyamba ndi a kuchuluka kwa madzi. Madzi akayamba kutuluka, munthu ajige ka 40 m'mphindi imodzi, chogwirira chizifika m'mwamba ndi pansi penipeni. Silinda ya Afridev ndi ya mamilimita 50 m'kati, ndipo kujiga kumodzi kokwanira kumakweza madzi ochepera pang'ono theka la lita. Choncho m'chidebe muyenera kugwa malita 16 kapena kuposerapo. Akachepa, labala wa pa pulanja yokweza madzi m'silinda, uja amakaniko amati yusilu, wadyeka, kapena bobini, kalabala kotsekera madzi kuti asabwerere pansi, sakutseka bwino. Mayeso achiwiri ndi a kudontha. Mjigo ukhale osagwiridwa kwa mphindi 30, kenako muwerenge kuti mwajiga kangati madzi asanatuluke. Zikapitirira 5, madzi akuthawira pansi. Chovuta n'kuwaletsa anthu kujiga kwa theka la ola, makamaka nyengo ino, ndiye ndibwino kufika masana dzuwa litakwiya, pamene pa mjigo pamakhala zidebe zokha zogwirira mzere eni ake ali pamthunzi. Njira yachidule ndi kufunsa mayi amene amayamba kutunga m'bandakucha. Iyeyo amadziwa bwino kuti amajiga kangati madzi asanabwere.

Mijigo 9 ndi 27 yagwa pa mayeso achiwiriwa. Wa 9 ndi nkhani yaing'ono, futuvavu, chotsekera madzi cha pansi pa silinda: kusintha bobini ndi mphete ya labala, ntchito ya ola limodzi. Wa 27 tinasintha zonsezo koma ukudonthabe. Amakaniko anatulutsa marodi, n'kusiya futuvavu m'malo mwake, n'kudzaza paipi ndi madzi mpaka pakamwa. Madziwo anatsika n'kuima pa mamita 6, pomwe pali polumikizira paipi yachiwiri ndi yachitatu. Ndiye kuti guluu sanagwire pamenepo kapena paipi yang'ambika. Pakufunika kukweza mapaipi, kudula ndi sowo, kuika soketi yatsopano ndi guluu wosatha mphamvu, n'kudikira kuti aume bwinobwino asanaibwezere. Guluu amene ali m'sitolo mwathu wayamba kulimba ngati phala lozizira. Musamugwiritse ntchito, gulani wina.

Lachiwiri

Lero lonse tinali pa mjigo 14. Uwu ndi umene udzakusowetseni tulo, ndiye ndilemba mwatsatanetsatane.

Ndi umodzi mwa 6 yatsopano ija. Pepala la okumba likuti dzenje ndi lakuya mamita 42, mapaipi a sefa, aja ong'ambidwa timizere tolowera madzi, ali pakati pa mamita 30 ndi 39, ndipo silinda inaikidwa pa mamita 27. Pa pepala palibe cholakwika. Koma chiuperekereni kwa anthu, komiti yasintha yusilu katatu, pomwe yusilu mmodzi amayenera kutha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo ngakhale pa mjigo wotanganidwa. Womaliza wakhala milungu itatu yokha. Mayeso a lero apereka malita 11.

Poyamba a komiti ankaganiza kuti akugulitsidwa malabala abodza, ndipo anatsala pang'ono kukangana ndi wagolosale. Koma labala wodyeka chifukwa cha ukalamba amakhala wosalala, wopyapyala mofanana mbali zonse. Wa pa 14 ali ndi timizere tokandika totsika m'munsi, ndipo mukamutikita ndi chala mumamva tinthu tokhakhala. Tinatunga chidebe chodzaza, n'kuchizunguza ndi dzanja, n'kuchisiya mphindi khumi. Pakati pa chidebe pansi panaunjikana kamchenga kosalala, kukula kwake kuposa ndalama yachitsulo. Mjigo wotsukidwa bwino suyenera kusiya mchenga wooneka chonchi.

Titatulutsa marodi tinawawerenga. Rodi imodzi ndi pafupifupi mamita 3, ndiye silinda ya pa mamita 27 imafuna marodi 9. Tinapeza 11. Ndiye kuti silinda ili pa mamita 33, m'kati mwa sefa mwenimweni, malo amene madzi amalowa ndi liwiro atanyamula mchenga. Wapampando wa komiti wakumbukira kuti anyamata a kontilakitala anabweranso patapita milungu ingapo, anthu atadandaula kuti madzi akumadukiza madzulo, ndipo anawonjezera mapaipi awiri. Zimenezi sizinalembedwe paliponse. Kenako tinakweza mapaipi onse. Poti ndi omatidwa ndi guluu, sitinafune kuwadula, ndiye anthu 12 anawanyamula ali chilumikizire, ena atagwira mitengo ya mphanda kuti paipi ipinde mokhota pang'onopang'ono isathyoke. Titaponya chingwe chomangirira chitsulo, chinagunda pansi pa mamita 36, osati 42. Mamita 6 apansi adzaza ndi mchenga, ndipo mamita 3 omaliza a sefa akwiririka.

Zimene zingachititse izi ndi zitatu, ndipo zonse zili m'manja mwa okumba. Mwina sanatsuke dzenje mokwanira ndi mpweya wa kompuresa atatha kuika mapaipi. Mwina timiyala tothira m'mbali mwa sefa tinali tochepa kapena tokula kwambiri, moti mchenga wosalala ukudutsa. Kapena sefa inasweka poitsitsa. Choyambacho chimakonzeka, ziwiri zinazo nthawi zambiri ayi. Kusiyanitsa kwake n'kumodzi: kontilakitala abwere ndi kompuresa, apope mpweya mpaka madzi ayere ndipo chingwe chifikenso pa mamita 42, achitenso mayeso opopa madzi kwa maola angapo inu muli pomwepo, abwezere silinda pa mamita 27. Pakatha milungu inayi muponyenso chingwe. Mchenga ukabwerera, kapena m'chidebe mukayamba kupezeka timiyala tija, dzenjelo n'lowonongeka ndipo ayenera kukumba lina. Madzi akamadukizabe silinda ili pa 27, ndiye kuti mjigowo ulibe madzi okwanira pampu yamanja, ndipo mayeso awo oyamba ndi okayikitsa.

Chimene chingamubweretse kontilakitala ndi ndalama ya chikole. Mgwirizano umati tisunge 10 peresenti ya malipiro ake kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo nthawiyo ikutha kumapeto kwa Novembala. Vuto limene silinalembedwe m'kalata tsikulo lisanafike limasanduka lathu. Kalata ya mjigo 14 ndailemba madzulo ano, ili ndi zithunzi za marodi 11 atayalidwa pansi ndi siginecha ya wapampando wa komiti. Mawa ipita pamanja, ndipo dalaivala abwere ndi kope losayinidwa kuti alandira. Akuluwa adzakuimbirani foni mwaulemu kwambiri, adzanena kuti makina ali kutali ndipo mafuta akusowa, kuti muwapatseko kaye theka la chikole kuti apeze poyambira. Mukangowapatsa, kompuresa simudzaiona.

Pakadali pano tabwezeretsa pampu ndi mapaipi 9 okha kuti anthu asasowe potunga. A komiti ndawauza kuti madzi akayamba kudukiza azipumitsa mjigo, asamajige mwaukali wopanda madzi.

Lachitatu

Za anthu amene mugwire nawo ntchito.

Amakaniko a m'dera alipo awiri, onse anaphunzitsidwa kudzera ku ofesi ya zamadzi ya pa boma, ndipo sali pa malipiro athu. Amalipidwa ndi makomiti. Wa dera la kumtunda ndi wachikulire, ndipo pa nkhani ya zinthu zogwera m'dzenje palibe womuposa. Rodi ikaduka kapena futuvavu ikakana kukoledwa ndi mbedza yake, itanani iyeyo. Koma salemba. Mukamupatsa fomu adzaibweza yoyera, ndiye njira yake ndi kumufunsa pakamwa Lachisanu lililonse, wina n'kumalemba. Wa dera la kumunsi ndi mnyamata, amalemba bwino ndipo amayankha foni, koma amafulumira kunena kuti pakufunika silinda yatsopano pamene vuto ndi la bobini. Kaya ndi kusazolowera kaya ndi chifukwa choti amagulitsanso zipangizo, njira yake ndi imodzi: chinthu chachikulu chisagulidwe chakale chisanabwere ku ofesi kuti muchione. Awiriwa sagwirizana, musawatumize pa mjigo umodzi.

Mlangizi wathu wa makomiti ndi munthu wodalirika ndipo mafumu amamumvera, koma mgwirizano wake wa ntchito ukutha mu Disembala, ndipo ena ayamba kale kumunyengerera. Maphunziro a makomiti atsala a 5, kuphatikizapo a 29 ndi 30. Akachoka asanawamalize, mudzaperekera mijigo kwa anthu osadziwa kumasula chivundikiro cha pampu. Pempho lowonjezera miyezi itatu linapita ku likulu, silinayankhidwe. Likumbutseni sabata yanu yoyamba.

Komiti iliyonse ili ndi anthu 10, ndipo tinayesetsa kuti amayi asachepe, chifukwa ndi amene amakhala pa mjigo tsiku ndi tsiku. Muyezo wanga wa komiti yamoyo si misonkhano. Ndimapempha kuona zinthu zitatu: sipanala ya 24, mabushi 4 ndi yusilu zosungira, ndi kope la zopereka. Mabushi ndi aja apulasitiki a pa chogwirira, awiri pa pini yaikulu ndi awiri pa pini yonyamula marodi. Akadyeka chogwirira chimagwedera cham'mbali n'kumalira, ndipo akachedwa kuwasintha chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, mutu wa pampu n'kuwonongeka. Komiti imene ikudikira kuti mjigo ufe kaye kenako isonkhe ndalama imataya chinthu chodula chifukwa cha chotchipa.

Komiti ya pa 9 ili ndi nkhani ya ndalama. Kope likuonetsa zopereka za miyezi inayi, koma ndalama pamanja palibe. Msungichuma akuti anabwereketsa pa maliro a m'mudzi atauzidwa ndi amfumu, ndipo amfumu sanakane. Musalowe nkhaniyi ngati woweruza. Ili kale m'manja mwa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndipo agwirizana kuti ndalamayo ibwezedwa. Chimene ife tikufuna n'choti kuyambira pano ndalama izisungidwa pa akaunti ya pafoni kapena kusandutsidwa zipangizo mwezi womwewo. Mabushi sabwerekedwa pa maliro.

A gulupu a kumene kuli mjigo 30 akufuna kuti tikumbe pafupi ndi bwalo lawo. Malowo ali mamita 18 kuchokera pa chimbudzi cha tchalitchi, ndiponso kumunsi kwake, pomwe mjigo uyenera kutalikirana ndi chimbudzi mamita osachepera 30. Malo amene anayezedwa ali cha kumtunda. Ndawafotokozera kawiri, ndipo adzayesanso kwa inu poti ndinu watsopano. Mukapite ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ndipo nkhaniyo ayambe ndi iyeyo. Anthu kuno kolera wa 2022 ndi 2023 sanamuiwale, ndipo mawu a azaumoyo amalemera kuposa athu.

Lachinayi

Mchere. Chigwa cha Shire chili ndi malo ambiri amene madzi apansi ndi amchere, ndipo midzi iwiri yoyandikana ikhoza kusiyana kotheratu. Kachipangizo koyezera mchere m'madzi kali m'diloo yachiwiri, kamaonetsa nambala mu µS/cm. Muyezo wa dziko lino wa madzi a pa mjigo, MS 733, umalola mpaka 3,500. Mjigo 21, wakale, ukuonetsa 2,900. Pa malamulo ndi wovomerezeka, koma lilime la munthu limakana kale nambala isanafike pamenepo. Amayi akuti tiyi sakoma, nyemba zimachedwa kupsa, sopo sachita thovu. Amatungapo ochapira ndi omwetsa mbuzi, akumwa amakatunga m'zitsime zofukula mumchenga wa mumtsinje. Ndiye m'lipoti musalembe kuti mudziwo wapeza madzi akumwa.

Mjigo 22, watsopano, ukuonetsa 4,100. Sitinaupereke kwa anthu ndipo chogwirira tachotsa. Mgwirizano ndi kontilakitala umanena za dzenje louma, kuti salipidwa poti malo anayeza yekha, koma sunena kanthu za dzenje la mchere. Iye akuti madzi anawapeza, alipidwe. Nkhaniyi si yoti muigamule nokha, ili ku likulu, ndipo ofesi ya zamadzi ya pa boma inalandira kope la zotsatira. Maganizo anga ndi oti pamenepo tisakumbenso mwakuya pofuna kupeza madzi abwino pansi pake. Mijigo yozungulira imene ili ndi madzi okoma ndi yosaya, ndipo ili kufupi ndi mtsinje.

Za m'sitolo, tawerenga limodzi ndi wosunga katundu ndipo tonse tasayinira. Marodi alipo 38, mapaipi okwezera madzi a mamilimita 63 alipo 26, masilinda 2, sementi matumba 20. Kaundula akuti marodi ndi 44. Asanu ndi limodzi osowawo ndikuganiza kuti anapita pa 17 popanda pepala lotulutsira katundu, ndipo amakaniko a kumtunda akawerenge Lolemba. Sementi yakhala miyezi iwiri, ili pa matabwa, koma matumba apansi ayamba kuchita mibulu. Yoteroyo musaikire pa konkire ya pamutu pa mjigo. Mapaipi asakhale padzuwa, dzuwa la kuno limawapinda ndi kuwaumitsa.

Bajeti ya zipangizo inalembedwa ndi mitengo yakale. Pafupifupi chilichonse cha Afridev chimachokera kunja, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa ku Blantyre sasunga mtengo nthawi yaitali. Mukatenga makoteshoni atatu, musadikire milungu iwiri kuti asayinidwe. Pogula marodi tengani maginito. Chitsulo chosachita dzimbiri chenicheni chimakoka maginito pang'ono kwambiri kapena osakoka n'komwe, pomwe rodi wamba yongopakidwa kunja imamatirira nga! Ndipo m'madzi amchere ngati akuno yoteroyo sichedwa kudyeka pa mbedza n'kugwera m'dzenje.

Lachisanu

Chiopsezo chachikulu ndi mvula. Mijigo 29 ndi 30 ili mumsewu wochokera pa Thabwa kutsika tsidya la kum'mawa, umene umadutsa mitsinje yochokera m'mapiri a Thyolo monga Mwamphanzi ndi Livunzu. Mitsinje imeneyi imatha kudzaza kuno kulibe ndi mtambo womwe, mvula itagwa kumtunda. Galimoto yonyamula makina okumbira ndi yolemera, ndipo ikatitimira kapena kutsekeredwa tsidya lina, masiku odikirawo kontilakitala adzafuna kuwerengera ife. Ngati makina sanalowe pofika pakati pa Novembala, lembani ku likulu kuti mijigo iwiriyo isunthidwe mpaka mvula itatha. Pali chifukwa chinanso: mjigo woyezedwa m'dzinja umanama, chifukwa madzi apansi amakhala atakwera. Nyengo yabwino yodziwira mphamvu ya mjigo ndi inoyi, madzi ali pansi penipeni.

Mijigo 3, 4, 11 ndi 19 ili m'malo amene anamira nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Pokonza tinakweza konkire yake, koma madzi osefukira akafika pakamwa pa pampu, mjigo utsekedwe mpaka utatsukidwa. Kawerengedwe ka kolorini n'kosavuta. Paipi ya dzenje ya mamilimita 110 imasunga pafupifupi malita 8 pa mita iliyonse, ndiye ngati madzi aima mamita 25 m'dzenje, amenewo ndi malita 200. Pa madzi otero sungunulani magalamu 15 a kolorini waufa uja wa HTH, pafupifupi sipuni yaikulu imodzi, m'chidebe cha madzi, n'kuthira m'dzenje. Madzi akakhala amatope, yambani mwajiga mpaka ayere, chifukwa matope amadya mphamvu ya kolorini. Mukathira mujige mpaka fungo limveke pa mpopi, mumange chogwirira usiku wonse, maola osachepera 12, ndipo m'mawa mujige mpaka fungo lithe anthu asanamwe. Azaumoyo akhalepo. Ndowa ya kolorini ili m'kachipinda kakunja, kutali ndi mafuta ndi zitsulo, ndipo ikhale komweko.

Kuba kwayambiranso. Mwezi watha usiku anamasula mjigo wa m'mudzi woyandikana ndi 6, umene si wathu, n'kutenga marodi onse ndi pulanja. Mijigo yathu 19 ili ndi chitsulo chotchingira mabawuti ndi loko, yotsalayo wowotcherera zitsulo wa pa Nchalo analandira kale theka la malipiro ndipo akuti amaliza sabata yamawa. Lisiti lake lili m'fayilo yofiira. Yambani ndi mijigo ya m'mbali mwa msewu ndi ya kutali ndi nyumba.

Kope losayinidwa la kalata ya mjigo 14 labwera, ndaliika patsogolo pa fayilo ya kontilakitala. Lipoti la kwa othandiza ndalama likufunika pa 10 Novembala, ndipo ndasiya litalembedwa ndi nambala ya 23, osati 28, pamodzi ndi ndime yofotokoza chifukwa chake nambala yatsika. Adzafunsa, ndipo mayankho ali m'masamba a mijigo isanu ija. Makiyi a sitolo ndi a njinga zamoto ziwiri ali ndi mlonda wa masana. Njinga yofiira imadya oyilo, muziyang'ana musananyamuke. Chingwe choyezera kuya chili m'galimoto kuseri kwa mpando, ndipo mfundo zake ndi za mita imodzi imodzi, kupatula yoyamba, imene ndi ya theka.